Gauss-Legendre wakupatsani theka la yankho: vuto lili pati, ndipo manodi okwanira ndi angati?

*Aphunzitsi, ndikufuna kupeza intigiro ya ln x kuyambira pa 1 kufika pa 5 ndi njira ya Gauss-Legendre ya manodi atatu. Nditaika manodi a m'tebulo mmene alili, kakyuleta inakana. Nditawasamutsa ndinapeza 2.0249, koma buku likuti 4.0472. Ndalakwa pati? Nanga popanda buku, ndingadziwe bwanji kuti manodi atatu akukwanira?*

Nambala yanu ya 2.0249 ikundiuza kuti gawo lovuta munalichita bwino. Chimene chatsala ndi kuchulukitsa ndi theka la kutalika kwa mpata wanu. Kuchoka pa 1 kufika pa 5 ndi mtunda wa 4, theka lake ndi 2, ndipo 2.0249 mukaichulukitsa ndi 2 mupeza 4.0498. Kasiyanidwe kakang'ono kamene katsale pakati pa 4.0498 ndi 4.0472 si kulakwa kwanu, ndi kuphonya kwa njirayo yokha, ndipo tikambirana bwino chifukwa mpamene pagona funso lanu lachiwiri. Koma tiyambe ndi 2 ameneyu, chifukwa mukangomuloweza osamumvetsa mudzamuiwalanso.

Matebulo onse a Gauss-Legendre amalembedwa poganizira mpata umodzi wokha, wa −1 mpaka 1. Tebulo limakupatsani zinthu ziwiri. Choyamba ndi manodi, kutanthauza malo amene muyenera kuimapo n'kufunsa fankishoni kuti pamenepo ndi yokwera bwanji. Chachiwiri ndi manambala ochulukitsira zimene mwapezazo, amene ine ndiziwatcha zolemera. Pa manodi atatu, malowo ndi −0.7745966692, 0 ndi 0.7745966692 (nambala imeneyi ndi √(3/5)), ndipo zolemera zake ndi 5/9, 8/9 ndi 5/9. Kakyuleta inakana poyamba paja chifukwa munaipempha logaritimu ya nambala yochepera ziro ndi ya ziro weniweniyo, zimene kulibe. Tingati munachita mwayi. Ikanakhala fankishoni ngati eˣ, kakyuleta ikanayankha mosadandaula, ndipo mukanatenga intigiro ya pa −1 mpaka 1 n'kumaiyesa ya pa 1 mpaka 5.

Taganizirani mphira wa legeni wotalika 2, mwaulemba zizindikiro zitatu pamalo a manodi aja. Kuti mphirawo uphimbe mpata wanu muyenera kuchita zinthu ziwiri: kuukoka mpaka utalike 4, ndi kuusuntha kuti pakati pake pakhale pa 3. Polemba, zimenezi zimakhala chonchi:

```
x = (b − a)/2 · t + (a + b)/2
dx = (b − a)/2 · dt

∫[a,b] f(x) dx ≈ (b − a)/2 · Σ wᵢ · f(xᵢ)
```

Mzere woyamba munautsata. Wachiwiri ndi umene unakupulumukani. Zolemera zija si manambala wamba, ndi magawo a kutalika. Phatikizani 5/9, 8/9 ndi 5/9, mupeza 18/9, yomwe ndi 2, kutalika kwenikweni kwa mpata wa −1 mpaka 1. Nodi iliyonse imaimirira gawo lake la mtunda, monga mmene munda umagawidwira kwa ana atatu, wapakati n'kulandira gawo lalikulupo. Mphira ukakokedwa, sizizindikiro zokha zimene zimatalikirana, magawonso amakula. Pa mpata wanu magawowo akhala 10/9, 16/9 ndi 10/9, ndipo mukawaphatikiza akupatsani 4. Inu munasamutsa zizindikiro koma magawo munawasiya aang'ono monga analili, n'chifukwa chake munapeza theka.

Tiyeni tiwerengere bwinobwino kuti muyerekeze ndi pepala lanu. Theka la kutalika ndi 2, pakati ndi 3, choncho x = 2t + 3.

```
t               x              ln x           w
−0.7745966692   1.4508066615   0.3721197      5/9
 0              3              1.0986123      8/9
 0.7745966692   4.5491933385   1.5149499      5/9
```

Manodi a m'mbali ali ndi cholemera chimodzi, choncho tiwaphatikize kaye: 0.3721197 ndi 1.5149499 zikupanga 1.8870696, ndipo 5/9 yake ndi 1.0483720. Yapakati, 8/9 ya 1.0986123, ndi 0.9765443. Zonse pamodzi ndi 2.0249163, nambala yanu ija. Tikachulukitsa ndi 2 tipeza 4.0498326. Yankho lenileni timalidziwa chifukwa intigiro ya ln x ndi x ln x − x, ndipo pa mpata wathu ikupereka 5 ln 5 − 4, yomwe ndi 4.0471896. Taphonya ndi 0.0026 pofunsa fankishoni katatu kokha.

Kuti muone kukula kwa zimenezi, lamulo la Simpson nalonso limafunsa katatu, pa 1, pa 3 ndi pa 5, koma limapereka 4.0025914. Laphonya ndi 0.0446, kuwirikiza pafupifupi ka 17 kuphonya kwa Gauss. Lamulo la matirapeziyamu lingafune mapointi pafupifupi 21 kuti lifike pamene manodi atatu afika.

Ndikupemphani chizolowezi chimodzi chimene chingakupulumutseni ku vuto limene mwakumana naloli, makamaka mukayamba kulemba kodi. Musanaike fankishoni yanu yeniyeni, yambani mwaika f(x) = 1. Yankho liyenera kukhala b − a. Pa mpata wanu likatuluka 2 m'malo mwa 4, mwadziwiratu kuti theka la kutalika mwaliiwala. Koma mayeso amenewa samaona ngati manodi mwawasamutsa bwino, popeza 1 ndi 1 paliponse pamene mwaima. Pa zimenezo ikani x⁵. Intigiro yake pa 1 mpaka 5 ndi (15625 − 1)/6, yomwe ndi 2604 ndendende, ndipo manodi atatu ayenera kupereka 2604 yomweyo, osati nambala yoyandikira. Kenako ikani x⁶. Yankho lenileni ndi 11160.57, koma manodi atatu apereka 11154.72, ndipo kuphonya kumeneko n'koyenera. Chenjezo lina ndi lakuti musayesere kodi yanu pa mpata wotalika 2, monga 0 mpaka 2 kapena 1 mpaka 3. Pamenepo (b − a)/2 ndi 1, ndipo kodi yoiwala nambalayi imadutsa mayeso onse ili yolakwika. Ndaonapo ophunzira angapo akubweretsa kodi yotere ali otsimikiza kuti aiyesa, ndipo analidi ataiyesa, kungoti pa mpata umene umabisa vutolo.

Mwina mukudabwa kuti manodi atatu akhoza bwanji x⁵ osaphonya ngakhale pang'ono. Kudzera pa mapointi atatu mungajambule polinomiyo ya digiri 2 yokha, ndiye digiri 5 ikuchokera kuti? Chinsinsi chake n'chakuti m'njira za matirapeziyamu ndi Simpson malo oimapo amakhala osankhidwa kale, motalikirana mofanana, ndipo chimene mungasinthe ndi zolemera zokha. Gauss, m'ntchito yake ya mu 1814, anamasula malowonso. Mukakhala ndi manodi n, muli ndi manambala 2n oti musankhe, ndipo ndi amenewo mungakwaniritse zofunika 2n: kuti lamulo likhoze 1, t, t², mpaka t ya mphamvu 2n − 1. Mungadzionere nokha ndi manodi awiri. Aikeni pa −s ndi s, onse ndi cholemera w. Kuti likhoze 1, pafunika 2w = 2, choncho w = 1. Mphamvu za t ndi t³ zimadzikhozera zokha chifukwa mbali ziwirizo zimafafanizana. Kuti likhoze t², amene intigiro yake ndi 2/3, pafunika 2s² = 2/3, choncho s = 1/√3, pafupifupi 0.5773503. Imeneyi ndi nambala imene ili m'tebulo lanu pa mzere wa manodi awiri.

Dzina la Legendre likulowa chifukwa cha zimene Jacobi anaonetsa mu 1826. Manodi abwino aja ndi mizu ya mapolinomiyo a Legendre. Ya digiri 3 ndi P₃(t) = (5t³ − 3t)/2, ndipo mukaifananitsa ndi ziro mupeza t = 0 ndi t² = 3/5, manodi anu aja. Mapolinomiyo amenewa ali ndi khalidwe lakuti mukachulukitsa Pₙ ndi polinomiyo iliyonse ya digiri yochepera n, intigiro yake pa −1 mpaka 1 imakhala ziro. Tsono tengani polinomiyo iliyonse ya digiri 5 n'kuigawa ndi P₃ monga mmene timagawira manambala. Mupeza q·P₃ + r, pamene q ndi r onse sapitirira digiri 2. Gawo la q·P₃ lili ndi intigiro ziro chifukwa cha khalidwe lija, ndipo lamulo lathu nalonso limalipatsa ziro popeza P₃ ndi ziro pa nodi iliyonse. Chotsala ndi r, ya digiri 2, imene mapointi atatu amaikhoza mosavuta. Ine mpaka lero kufotokoza kumeneku kumandikomera, chifukwa m'mizere yowerengeka chabe mwaona kumene mphamvu yonse ya njirayi ikuchokera. Ndipo kusamutsa kuja sikuononga kanthu, chifukwa x = 2t + 3 ndi mzere wowongoka, polinomiyo ya digiri 5 mu x imakhalabe ya digiri 5 mu t.

Tsopano ku funso lanu lachiwiri, limene ndi lalikulu kuposa loyamba. Mabuku amapereka fomyula ya kuphonya:

```
E = (b − a)^(2n+1) · (n!)^4 / ( (2n+1) · ((2n)!)^3 ) · f^(2n)(ξ)
```

Apa ξ ndi malo ena a mkati mwa mpata amene sitiwadziwa. Pa n = 3 gawo lapakatilo limakhala 1/2016000, kutalika kukhala 4⁷ = 16384, ndipo derivetivi yachisanu ndi chimodzi ya ln x ndi −120/x⁶. Chizindikiro chochotsacho chikutiuza chinthu chothandiza, kuti Gauss apereka nambala yokulirapo kuposa yeniyeni, ndipo ndi zimene taona. Koma pa kukula kwa kuphonyako fomyulayi siithandiza kwenikweni. ξ akakhala pa 1 ikupereka 0.975, akakhala pa 5 ikupereka 0.00006. Kuphonya kwenikweni kwa 0.0026 kulidi pakati pa ziwirizi, koma munthu amene wakuuzani kuti mwaphonya ndi nambala ina ya pakati pa 0.00006 ndi 0.975 sanakuuzeni zoti mungagwiritse ntchito. Fomyulayi ndi yabwino pomvetsa khalidwe la njirayi, osati posankha n.

Chimene timachita pa ntchito yeniyeni ndi kuwonjezera manodi n'kuona mmene mayankho akuyendera. Nazi zimene mupeze pa intigiro yanu:

```
n    yankho       kuphonya
1    4.3944492    0.3472596
2    4.0737639    0.0265743
3    4.0498326    0.0026430
4    4.0474822    0.0002927
5    4.0472240    0.0000344
```

Tayerekezani kuti mzere wa kuphonyawo simukuuona, monga zimakhalira popanda buku. Muli ndi mayankho okha. Kuchoka pa manodi awiri kupita pa atatu yankho lasintha ndi 0.0239. Kuchoka pa atatu kupita pa anayi lasintha ndi 0.00235, ndipo kuchoka pa anayi kupita pa asanu lasintha ndi 0.00026. Kusintha kulikonse kukuchepa pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi kwam'mbuyo. Zikamayenda mwadongosolo chonchi, kusintha kwa pakati pa n ndi n + 1 kumakhala chiyerekezo chabwino cha kuphonya kwa yankho la n. Onani nokha: 0.00235 wayandikana ndi 0.00264, ndipo 0.00026 wayandikana ndi 0.00029. Choncho manodi atatu akukwanira ngati mukufuna manambala awiri pambuyo pa kadontho, 4.05. Ngati mukufuna 4.0472 ya m'buku, mufunika asanu. Matirapeziyamu angafune mapointi oposa 170 kuti afike pamene manodi asanuwo afika.

Musakhutire ndi mayankho awiri okha ogwirizana. Yang'anani atatu kapena anayi, chifukwa chimene mukufuna kuona si kugwirizana chabe koma kuchepa kwadongosolo. Mayankho akamadumphadumpha, lina pamwamba lina pansi, kapena kusintha kukamachepa pang'onopang'ono, pali chinachake mu fankishoni chimene muyenera kuchifufuza musanakhulupirire nambala iliyonse. Ine ndikakhala ndi kompyuta ndimayerekeza n ndi 2n, monga 5 ndi 10 kenako 20, chifukwa kudumpha kwakukulu kotero sikunamizika msanga.

Apa mpamene mawu oti fankishoni yosalala ayenera kumveka bwino, chifukwa kusalala kuli ndi milingo. Pa mpata wa 1 mpaka 5, ln x ilibe chotupa chilichonse, maderivetivi ake onse alipo. Komabe liwiro limene kuphonya kukucheperachepera likulamulidwa ndi malo amene sali m'mpata wanu n'komwe, pa x = 0, pomwe logaritimu imaphulika. Chofunika ndi kutalikira kwa malo ovutawo mukawayerekeza ndi kutalika kwa mpata. Pa fankishoni imene vuto lake lili pa ziro, ndipo a ndi b onse ndi oposa ziro, pali nambala imene imakuuzani liwirolo:

```
ρ = (√b + √a) / (√b − √a)
```

Manodi akachuluka, nodi iliyonse yowonjezera imagawa kuphonya ndi pafupifupi ρ². Pa mpata wanu ρ ndi 2.618, ndipo ρ² ndi 6.85. M'tebulo lija kuphonya kunagawidwa ka 13, ka 10, ka 9, kenako ka 8.5, ndipo kukanapitiriza kutsikira ku 6.85. Tsopano sinthani chinthu chimodzi chokha, muyambire pa 0.01 m'malo mwa 1. Fankishoni ndi yomweyo, ikadali yosalala pa mpata wonse, koma ρ watsika kufika pa 1.094 ndipo ρ² ndi pafupifupi 1.2. Pamene nodi imodzi kapena ziwiri zinkakupatsani nambala yatsopano yolondola, tsopano pafunika manodi pafupifupi 13 pa nambala iliyonse. Palinso mafankishoni onga 1/(1 + 25x²) amene girafu yake imaoneka yosalala kuyambira kumanzere mpaka kumanja, koma ali ndi malo ophulikira m'manambala a kompulekisi, pa x = ±i/5, pafupi kwambiri ndi ziro. Pa mpata wa −1 mpaka 1 amachedwetsa Gauss mofananamo, ngakhale maso sakuona chifukwa chake.

Zikatere anthu amathamangira kudula mpata m'zidutswa n'kuika lamulo laling'ono pa chidutswa chilichonse. Ndi njira yabwino, koma muyenera kudziwa nthawi yake. Tiyese pa intigiro yanu. Tidule pa 3, tiike manodi atatu pa 1 mpaka 3 ndi atatu ena pa 3 mpaka 5. Chidutswa chilichonse chimasamutsidwa pachokha, ndi pakati pake ndi theka la kutalika kwake, lomwe apa ndi 1. Choyamba chikupereka 1.2960061, chachiwiri 2.7513547, pamodzi 4.0473608. Taphonya ndi 0.00017 titafunsa fankishoni kasanu ndi kamodzi, pamene manodi asanu pa mpata wosadula anaphonya ndi 0.000034 okha. Choncho pa fankishoni yosalala bwino, imene malo ake ovuta ali patali, kuwonjezera manodi kumaposa kudula.

Koma taonani kumene kuphonya kwa 0.00017 kwachokera. Chidutswa cha kumanzere, choyandikira ziro, chaphonya ndi 0.000169. Cha kumanja chaphonya ndi 0.000002 basi. Manodi atatu a kumanjawo agwira ntchito yopitirira imene imafunika, pamene kumanzere kukusowa thandizo. Ndiye ngati mukudula, musadule mofanana. Dulani tizidutswa tating'ono kufupi ndi malo ovuta, ndi zikuluzikulu kutali. Pa 0.01 mpaka 5 ine ndingadule pa 0.05, pa 0.25 ndi pa 1, kuti m'chidutswa chilichonse b asapitirire a kuwirikiza kasanu. Mukatero chidutswa chilichonse chili ndi ρ wa 2.618 kapena kuposa, ngati mpata wanu woyamba uja, ndipo manodi asanu pa chilichonse, 20 onse pamodzi, akhoza bwino kuposa manodi 20 oikidwa pa mpata wonse nthawi imodzi.

Pamene kudula kuli kokakamiza ndi pomwe fankishoni yathyoka mkati mwa mpata, kaya ili ndi ngodya yakuthwa kaya yadumpha. Tengani |x| kuyambira pa −1 kufika pa 2. Pansi pa girafu yake pali zigawo ziwiri za makona atatu, ndipo yankho ndi 0.5 + 2 = 2.5. Manodi atatu pa mpata wonse akupereka 2.6032, kuphonya ndi 0.1 pa fankishoni yophweka chonchi, ndipo mukawonjezera manodi zimakonzeka mochedwa kwambiri. Dulani pa ziro, pa ngodya penipeni, ndipo nodi imodzi yokha mbali iliyonse ikupatsani 2.5 ndendende. Choncho musanawerengere chilichonse jambulani fankishoni yanu, ndipo muyang'ane ngati m'fomyula yake muli `abs`, `max`, `min` kapena `if`. Pamene pali zimenezi, kawirikawiri pamakhala ngodya. Kujambula kumathandizanso pa vuto lina: kansonga kopyapyala kwambiri kakhoza kugwera pakati pa manodi awiri, lamulo osakaona, ndipo mayankho a manodi atatu, anayi ndi asanu n'kugwirizana bwinobwino onse ali olakwika.

Pa kompyuta simuyenera kukopera matebulo pamanja. Mu Python, NumPy ili ndi fankishoni yopereka manodi ndi zolemera:

```python
import numpy as np

def gauss(f, a, b, n):
    t, w = np.polynomial.legendre.leggauss(n)
    h, m = (b - a) / 2, (a + b) / 2
    return h * np.sum(w * f(h * t + m))

for n in range(1, 6):
    print(n, gauss(np.log, 1.0, 5.0, n))
```

Kodi imeneyi ikupatsani mayankho asanu a m'tebulo lija. Zindikirani kuti `leggauss` imabweza za mpata wa −1 mpaka 1 zokha, kusamutsa ndi ntchito yanu, ndipo `h` akuoneka kawiri mu mzere wa `return`, kamodzi pa manodi, kamodzi kunja. Fankishoni `f` iyenera kulandira manambala onse nthawi imodzi, choncho gwiritsani `np.log`, chifukwa `math.log` ikana. Olemba NumPy amanena okha kuti `leggauss` anaiyesa mpaka manodi 100, ndipo ngati mwafika kumeneko pa fankishoni imene mukuiyesa yosalala, bwererani mukaiyang'anenso fankishoniyo. Mu SciPy muli `scipy.integrate.fixed_quad(f, a, b, n=5)`, imene imasamutsa yokha. Mukaigwiritsa ntchito musachulukitsenso ndi (b − a)/2, chifukwa mudzalakwa mobwerera, n'kupeza 8.09 m'malo mwa 4.05.

Njira yoyerekeza n ndi n + 1 ili ndi mtengo wake. Manodi a lamulo la anayi ndi ±0.3399810 ndi ±0.8611363, ndipo palibe ngakhale imodzi yofanana ndi ya lamulo la atatu. Kupatula nodi yapakati, imene imabwera nthawi zonse n akakhala wosagawika pawiri, mukasintha n zonse zimene munawerengera kale zimatayika. Pa ln x zimenezo si kanthu. Koma ngati kufunsa fankishoni kamodzi kumatengera kompyuta mphindi zingapo, zimapweteka. Kronrod, katswiri wa masamu wa ku Soviet Union, anathetsa vutoli m'zaka za m'ma 1960 powonjezera manodi n + 1 pakati pa manodi n a Gauss, kuti akale aja agwirenso ntchito. Malamulo awiri otere odziwika kwambiri ndi a manodi 7 ndi 15: mumafunsa ka 15, n'kupeza mayankho awiri, ndipo kusiyana kwawo kumakuuzani za kuphonya. Lamulo la `scipy.integrate.quad` limachokera ku QUADPACK, gulu la mapulogalamu owerengera intigiro, ndipo pa mpata wokhala ndi malire limagwiritsa ntchito manodi 10 ndi 21, n'kumadula lokha chidutswa chimene chikuphonya kwambiri, monga tinachitira pamanja paja. Ngati cholinga chanu ndi kungopeza nambala imodzi yodalirika, gwiritsani `quad`, ndipo ngati mukudziwa pamene pali ngodya liuzeni kudzera mu `points`. Gauss-Legendre wa n wokhazikika amafunika kwambiri pamene intigiro ya mtundu umodzi ikuwerengedwa kambirimbiri, monga m'mapulogalamu a mainjiniya amene amagawa mlatho kapena khoma m'tizidutswa zikwizikwi, n'kuika manodi awiri kapena atatu mbali iliyonse ya kachidutswa.

Malire amodzi oti muwadziwe musanapite nayo kutali njirayi ndi akuti imafuna fankishoni imene mungaifunse pamalo alionse amene lamulo lasankha. Ngati muli ndi miyeso yotengedwa kale, monga kuchuluka kwa madzi a mumtsinje kolembedwa ola lililonse, simungaifunse pa 1.4508 koloko, ndipo Simpson kapena matirapeziyamu ndiwo oyenera. Kumbali ina, manodi a Gauss sagwera pa a kapena pa b, onse amakhala mkati. Choncho fankishoni ngati sin(x)/x kuyambira pa ziro, imene kompyuta imakana pa ziro penipeni ngakhale kuti ndi yosalala bwinobwino pamenepo, Gauss amaiwerengera popanda vuto. Koma musatengere mwayi umenewu pa ln x kuyambira pa ziro. Kodi iyenda, nambala ituluka, koma ikani a = 0 m'fomyula ya ρ ija muone: ρ akhala 1, kutanthauza kuti liwiro lija latheratu, ndipo kuwirikiza manodi kawiri kumangogawa kuphonya pafupifupi kanayi.

Pa pepala lanu, konzani 2 uja, kenako muwerengere manodi anayi pamanja kamodzi kokha. Zolemera zake ndi 0.6521452 pa manodi a mkati ndi 0.3478548 pa a kunja. Malo anu akhala 1.2777274, 2.3200379, 3.6799621 ndi 4.7222726. Musanachulukitse ndi 2 muyenera kupeza 2.0237411, ndipo mukachulukitsa mupeza 4.0474822.